Kuchoka pa chikhatho kufika pa rula: momwe tingaphunzitsire ang'ono athu kuyeza

Anzanga, ambirife tikaweruka kuno timakapeza ang'ono athu a ku pulayimale akutidikira ndi makope awo. Akabwera ndi samu ya kuwonkhetsa timawathandiza msanga, koma akabwera ndi ya kuyeza utali timangowapatsa rula n'kunena kuti, "Werenga nambala ili kumapetoyo." Mwana amawerengadi nambalayo, aphunzitsi n'kumuchongera, koma mukamufunsa kuti nambalayo ikuwerenga chiyani, amangokuyang'anani. Nkhani yanga ndi ya funso limeneli. Kuyeza utali ndi kuwerenga kuti muyezo umodzi wosasintha ukukwana kangati pa chinthu, popanda kusiya mpata komanso popanda kusanjikiza. Mwana akagwira mfundo imeneyi, rula simuvutanso. Akapanda kuigwira, amafika nayo Fomu 1 akulakwitsabe.

Silabasi ya ku pulayimale imakonzedwa pafupi pompano, ku Malawi Institute of Education kuno ku Domasi, ndipo imayamba ndi miyezo ya zinthu zopezeka pakhomo isanafike pa masentimita ndi mamita. Aphunzitsi amatchula kagwiritsidwe ntchito ka zinthu zopezekeratu kotereka kuti TALULAR. Musaganize kuti amayambira pa manja ndi timitengo chifukwa choti marula ndi ochepa. Ngakhale mwana aliyense akanakhala ndi rula yakeyake, akanayenerabe kuyambira pamenepo. Ndifotokoza chifukwa chake potsata masitepe anayi amene ine ndimagwiritsa ntchito ndi mng'ono wanga wa Sitandade 3.

Sitepe yoyamba: manja, kuti pabuke mkangano

Makolo athu ankayeza ndi thupi. Mkono unali kuchoka pa chigongono kufika kunsonga ya chala chapakati. Mkwamba unali kuchoka kunsonga ya dzanja limodzi kufika kunsonga ya linzake mutatambasula manja onse, ndipo nsalu inkagulidwa ndi muyezo umenewu. Amene mumawerenga Baibulo mukudziwa kuti chingalawa cha Nowa chinayezedwa ndi mikono, ndipo m'litali inali 300. Panalinso mapazi ndi chikhatho. Pano ndikati chikhatho, ndikunena dzanja lotambasula zala, kuchoka kunsonga ya chala chachikulu kufika kunsonga ya kachala kakang'ono.

Yambani ndi tebulo kapena benchi. Muuzeni mwana ayeze ndi chikhatho chake, inunso muyeze ndi chanu. Tebulo lathu ine ndimapeza zikhatho 6, mng'ono wanga amapeza 8. Tsiku loyamba iye analumpha n'kunena kuti, "Achimwene, mbali yangayi ndiye yayitali!" Apa musafulumire kumukonza. Musinthane mbali, muyezenso. Akapezanso 8 mbali imene inu munapeza 6, mufunseni kuti, "Nanga tebulo latalika liti, poti sitinalisunthe?" Musiyeni aganize. Kenako gundanitsani manja, lake pa lanu, aone yekha kuti lake ndi lalifupi.

Phunziro lili apa ndi loti muyezo ukachepa, nambala imakula. Kwa mwana izi n'zosokoneza, chifukwa pa masamu ena onse anazolowera kuti nambala yayikulu ndiye chinthu chachikulu. Ife a sekondale tikhoza kuziona ndi masamu. Tebulolo ndi masentimita 120. Chikhatho changa ndi masentimita 20, ndiye 120 ÷ 20 = 6. Chake ndi masentimita 15, ndiye 120 ÷ 15 = 8. Tonse takhoza, koma nambala 6 kapena 8 payokha siuza munthu chilichonse ngati simunanene kuti ndi chikhatho cha ndani.

Kuti muone ngati wamvetsa, mufunseni asanayeze kuti, "Bambo akayeza, apeza zambiri kuposa 6 kapena zochepa?" Akati zambiri chifukwa bambo ndi aakulu, ndiye kuti sanafike, bwerezani ndi chinthu china. Akati zochepa chifukwa dzanja lawo ndi lalikulu, pitirirani naye. Mukhoza kutsiriza sitepeyi ndi funso la pamsika: ngati nsalu ikugulitsidwa pa mkwamba, angakonde kugula kwa munthu wamtali kapena wamfupi? Ana sachedwa kuyankha limeneli, ndipo okha amanena kuti si chilungamo. Pamenepo mwana wayamba kufuna muyezo umodzi wa anthu onse, osati chifukwa choti mwamuuza ayi, koma chifukwa wakumana ndi vuto.

Sitepe yachiwiri: kamtengo kamodzi kwa tonse

Dulani timitengo ta bango kapena ta nsungwi tokwana khumi, tofanana ndendende. Kofanizira kakhale kamodzi, ndipo tonse tidulidwe potengera komweko. Mukamadula kachiwiri potengera koyamba, kachitatu potengera kachiwiri, kusiyana kumanka kukula, ndipo kakhumi kadzakhala kosiyana ndi koyamba.

Poyamba mwana andanditse timitengo tambiri m'mphepete mwa tebulo, kuchoka kumapeto kufika kumapeto, n'kuwerenga. Akazolowera, mulandeni tonse, mumusiyire kamodzi. Tsopano ayenera kuika kamtengo, kulemba ndi choko kapena khala pamene kathera, kukasuntha, n'kuyambira pa chizindikirocho. Izi n'zovutirapo, chifukwa akuwerenga timitengo timene sakutiona.

Pali zolakwika zitatu zimene muyenera kuyang'anira, ndipo nambala imene wapeza imakuuzani kuti walakwitsa chiti. Choyamba ndi mipata. Ana ambiri amaika chala pamene kamtengo kathera, n'kuyambiranso kuseri kwa chalacho. Chala chilichonse chimaba pafupifupi sentimita imodzi, choncho nambala imatuluka yochepa. Chachiwiri ndi kusanjikiza, pamene kamtengo kakubwerera pang'ono pa malo amene ayezedwa kale, ndipo nambala imatuluka yochuluka. Chachitatu ndi kukhotakhota. Njira yokhota ndi yayitali kuposa yowongoka, ndiye nambala imachulukanso. Mankhwala ake n'kuyeza motsata m'mphepete mwa tebulo kapena kukoka chingwe chowongoka poyamba.

Pa sitepeyi pamabukanso nkhani ya zotsala. Tebulo likhoza kukwana timitengo 7 n'kutsalako pang'ono. Mwana amati "7 ndi kachidutswa". Mufunseni kuti kachidutswako n'kotalika bwanji. Ena amati theka, ena amathyola kamtengo kuti apeze kakang'ono. Mulekeni athyole. Wangotulukira yekha chifukwa chimene mita inagawidwira kukhala masentimita 100, ndi sentimita kukhala mamilimita 10.

Kenako mufunseni funso lomaliza: "Titamutumizira uthenga kalipentala wa ku Songani kuti atikhomere tebulo la timitengo 7, akhoma lotani?" Kalipentala alibe kamtengo kathu. Kamtengo kanathetsa mkangano wa m'nyumba mwathu, koma sikangathetse wa pakati pa mudzi ndi mudzi.

Vutoli ndi lomwe linabala mita. Ku Falansa, m'zaka za m'ma 1790, miyezo inkasiyana chigawo ndi chigawo. Akatswiri anagwirizana kuti mita ikhale gawo limodzi mwa magawo 10,000,000 a mtunda wochoka kunsonga ya kumpoto kwa dziko kufika pa ikweta, podzera mumzinda wa Paris. Mu 1799 anasula ndodo yachitsulo ya utali umenewo n'kuisunga, kuti ena onse azifanizira pamenepo. Mu 1875 mayiko 17 anasayina pangano logwiritsa ntchito muyezowu, ndipo kuyambira 1983 mita imatanthauziridwa potengera liwiro la kuwala. Kwa mwana wa Sitandade 3 ingomuuzani kuti mita ndi kamtengo kamene dziko lonse linagwirizana. Kuno kwathu bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limaona kuti miyezo ndi masikelo a pa malonda n'zoona.

Sitepe yachitatu: chingwe

Kamtengo sikapinda, ndiye sikangayeze thunthu la mtengo wa mango, mlomo wa ndowa kapena mutu wa munthu. Apa m'pamene chingwe chimalowera. Mwana azunguliza chingwe pa thunthu, atsine ndi zala pamene chakumana, achiwongole pansi, kenako ayeze ndi kamtengo kuchoka kunsonga kufika pamene watsina. Chimene akuphunzira n'choti utali susintha chingwe chikapindidwa kapena kuwongoledwa. Ife timaona ngati n'zachidziwikire, koma ana ambiri amakhulupirira kuti chingwe chopindika n'chachifupi kuposa chomwecho chikawongoka. Yesani: dulani zingwe ziwiri zofanana iye akuona, chimodzi muchipinde ngati njoka, mumufunse chachitali n'chiti.

Chingwe chimathandizanso kufananitsa zinthu zimene sizinganyamulidwe. Kodi tebulo lingalowe pakhomo la kuchipinda? Tengani m'lifupi mwa khomo ndi chingwe, mupite nacho pa tebulo.

Sankhani chingwe chosatamuka. Cha khonje kapena ulusi wa thumba la feteleza zili bwino. Mphira ya chubu ndi ulusi wolukira majuzi ayi, chifukwa zimatalika mukakoka. Ngati ana awiri apeza mayankho osiyana pa thunthu limodzi, yang'anani zinthu zitatu: wina wakoka kwambiri, wina wazunguliza mopendekeka, kapena wina wayeza kumunsi kumene thunthu n'lonenepa. Lembani mzere ndi choko pa thunthupo kuti onse ayeze malo amodzi.

Sitepe yachinayi: rula

Musayambe n'kumupatsa rula ya kusitolo. Yambani n'kupanga yake. Dulani timapepala khumi totalika sentimita imodzi kalikonse, ta mitundu iwiri, mumate mondondozana pa katoni, koyera, kakuda, koyera, kakuda. Ayeze pensulo powerenga timapepalato. Akatha, lembani manambala pamene kapepala kalikonse kathera: 1 kumapeto kwa koyamba, 2 kumapeto kwa kachiwiri, mpaka 10. Kenako mufunseni, "Nanga pamene tayambira tilembepo chiyani?" Palibe kapepala kamene tadutsa, ndiye ndi 0. Tsopano muikeni rula yeniyeni pambali pake, aone kuti ndi chinthu chomwecho. Rula ndi timitengo ting'onoting'ono tomatidwa kale, ndipo nambala iliyonse ikunena kuchuluka kwa mipata imene mwadutsa kuchoka pa ziro. Timawerenga mipata, osati mizere.

Pa rula, mmera m'poyamba. Ana ena amayambira pa 1 chifukwa kuwerenga konse anaphunzira kuyambira pa 1, ndipo yankho lawo limaposa loona ndi sentimita imodzi nthawi zonse. Ena amayambira kunsonga kwa rula, pomwe marula ambiri ali ndi kampata kopanda mizere ziro asanafike, ndipo yankho lawo limaperewera ndi mamilimita angapo. Ena amatembenuza rula n'kuwerenga mbali ya mainchesi. Mbali imeneyo manambala amathera pa 12, pamene ya masentimita amathera pa 30. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54, choncho mwana akakuuzani kuti cholembera chake ndi "masentimita 6", dziwani kuti wawerenga mainchesi, chifukwa mainchesi 6 ndi masentimita 15 ndi pang'ono. Tepi ya atelala ilinso ndi mbali ziwiri zomwezi. Komanso diso likhale pamwamba penipeni pa mzere, chifukwa mukayang'ana chammbali pa rula yochindikala mumawerenga mzere woyandikana nawo.

Mayeso abwino kuposa onse ndi a rula yothyoka, ndipo m'kalasi mwathu zothyoka sizisowa, eti? Ikani pensulo kuyambira pa 3 kufika pa 11, mufunse utali wake. Mayankho amakhala atatu. Akati 11, ndiye kuti amangowerenga nambala ya kumapeto, sakudziwa ntchito ya ziro; mubwezereni ku rula ya timapepala. Akati 9, ndiye kuti wawerenga mizere, 3, 4, 5 mpaka 11, yomwe ilipodi 9. Muuzeni alowetse chala mu mpata uliwonse akuwerenga. Akati 8, wakhoza, ndipo mufunseni wapeza bwanji. Wowerenga mipata ali bwino, koma wonena kuti 11 − 3 = 8 wafika penipeni. Onani kuti mwana woyamba uja akhoza kumakhoza samu zonse za m'kope, chifukwa m'kope zinthu zambiri zimayambira pa ziro. Rula yothyoka yokha ndi imene imamuulula.

Ntchito yeniyeni: chingwe chobzalira chimanga

Zonsezi zimakumana pa ntchito imene tonse timaidziwa mvula ikayandikira. Pa kabzalidwe kamene timati ka Sasakawa, alangizi amati mizere italikirane masentimita 75, mapando atalikirane masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Tiyeni tipange chingwe cha mamita 10 pamodzi ndi mwana.

Choyamba yezani kamtengo ka masentimita 25 ndi rula, kuyambira pa ziro, ndi kena ka masentimita 75. Mwana atsimikize kuti katatu ka kakafupi n'kofanana ndi kakatali, ndipo kanayi n'kofanana ndi mita. Kokani chingwe pakati pa zikhomo ziwiri chikhale chowongoka. Mwana aziika kamtengo, inu muzipana chitsekerero cha botolo pamene kathera. Pakatha timitengo tinayi tilitonse, yesani ndi ndodo ya mita imodzi kuti muone ngati simunasokere. Ngati mulibe ndodo yotere, ipangeni ndi rula ya masentimita 30, katatu ndi masentimita 10, kenako mukaifanizire ndi rula yayikulu ya pa bolodi kuno kusukulu.

Asanayambe, mufunseni kuti zitsekerero zifunika zingati. Mamita 10 ndi masentimita 1,000, ndipo 1,000 ÷ 25 = 40. Koma 40 imeneyo ndi mipata. Ngati mukuika chitsekerero poyambira ndi pothera pomwe, zifunika 41. Ndi nkhani yomwe ija ya mizere ndi mipata ya pa rula, yangovala malaya ena.

Ena amakonda kumanga mfundo m'malo mwa zitsekerero. Chenjerani, mfundo imadya chingwe. Tinene kuti mwalemba zizindikiro zonse poyamba, kenako n'kumanga mfundo, ndipo iliyonse yadya sentimita imodzi. Mpata uliwonse utsala masentimita 24, ndipo mipata 40 ikhala masentimita 960. Chingwe chafupika ndi masentimita 40 osadula paliponse. Ngati mukufuna mfundo, mangani imodzi, yezani kuchoka pa mfundoyo, kenako mangani yotsatira.

Nanga bwanji osangobzala ndi chikhatho? Tiwerengere. Hekitala ndi masikweya mita 10,000. Pa masentimita 75 ndi 25, chimanga chilichonse chimatenga 0.75 × 0.25 = 0.1875, ndipo 10,000 ÷ 0.1875 ndi mapando pafupifupi 53,333. Ine nditabzala ndi chikhatho changa cha masentimita 20, mapando angakhale pafupifupi 66,667, kutanthauza kuti pa mbewu zinayi zilizonse ndawonjezera imodzi. Mbewu imene inagulidwa ya munda wonse ingathere panjira, ndipo chimanga chothithikana chingamalimbirane feteleza. Mng'ono wanga ndi chikhatho chake cha masentimita 15 angafike pafupifupi 88,889. Wina wongoyerekeza ndi maso n'kumasiya masentimita 30 angapeze pafupifupi 44,444, malo ambiri n'kungokhala. Masentimita 5 amaoneka ochepa pa rula, koma pa munda wonse ndi mapando masauzande. Kwa mwana musatchule manambala aakuluwa. Mungomuonetsa mzere umodzi wa mamita atatu: kamtengo ka 25 kapereka mipata 12, chikhatho changa 15, chake 20.

Manja sitiwataya

Mwana akadziwa rula, mubwezereni ku thupi lake, koma tsopano aliyeze. Adziwe kuti chikhatho chake ndi masentimita angati, phazi lake angati, ndi chala chiti chimene m'lifupi mwake ndi pafupifupi sentimita imodzi, ndiponso kuti mita imafika pati akaimika ndodo pambali pake. Alembe kuseri kwa kope pamodzi ndi tsiku, ndipo adzayezenso chaka chamawa, popeza dzanja likukula koma sentimita sikula. Kuyambira pamenepo, asanagwire rula aziyamba wayerekeza: "Bukuli likhala ngati masentimita 25." Kenako ayeze. Mwana woyerekeza sangalembe kuti chitseko ndi masentimita awiri kapena kuti pensulo ndi mamita 15, chifukwa thupi lake limukaniza. Ndipo yankho lililonse lizikhala ndi dzina la muyezo. Akangoti "8", mufunseni, "8 chiyani? Mbuzi?"

Musathamange. Masitepewa si a tsiku limodzi. Mwana amene akusiyabe mipata pa timitengo sanakonzeke kugwira rula, ndipo palibe vuto kukhala sabata yonse pa sitepe imodzi.

Nayi ntchito ya inu owerenga. Yoyamba: kachingwe kayambira pa 4.5 n'kuthera pa 17 pa rula yothyoka, n'kotalika bwanji? Yachiwiri: mzere wa mamita 18 ukhala ndi mapando angati pa masentimita 25, ngati mwabzala poyambira ndi pothera pomwe? Yachitatu: yezani bolodi ili ndi chikhatho chanu, mulembe nambala yanu pa pepala lili m'munsimu, kenako tipeze amene ali ndi dzanja lalikulu pasukulu pano popanda kuyang'ana dzanja la munthu. Mayankho perekani kwa akonzi a bolodi lino lisanafike Lachisanu.